Pamene mzungu akweza liwu, Mchewa amasuntha mawu

M'makhoti a ku Malawi milandu yambiri imayendetsedwa m'Chingerezi, ndipo womasulira ndi amene amalumikiza woweruza ndi anthu. Tiyerekeze kuti munthu woimbidwa mlandu wakana m'Chingerezi kuti sanabe mbuzi. Womasulira angathe kungoti, "Sindinabe mbuzi." Mawu onse alipo, koma mwina mutu wa nkhani watayika.

Vuto lake n'lakuti Chingerezi chimatsindika ndi mmero. Chiganizo chimakhala chomwecho, wolankhula n'kungokweza liwu limodzi, tanthauzo n'kusintha. Chichewa sichidalira kwenikweni njira imeneyi, chifukwa kukwera ndi kutsika kwa mawu kuli kale ndi ntchito ina: n'kumene kumasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Choncho kutsindika kumasenzedwa ndi timawu monga "ndi", "si" ndi "ndiye", komanso malo amene liwu laikidwa.

Ngati woimbidwa mlandu uja anatsindika za iye mwini, Chichewa chake ndi ichi: "Si ine amene ndinaba mbuzi." Apa akuvomereza kuti mbuzi inabedwa, koma ndi wina. Ngati anatsindika kubako, tinganene kuti, "Mbuziyo kuba ndiye sindinaibe," ndipo womva amazindikira kuti mwina mbuzi ali nayo, koma anaipeza mwa njira ina. Ngati anatsindika mbuzi, zinthu zamuipira: "Si mbuzi imene ndinaba." Munthuyu waulula kuti chilipo chimene anaba.

Womasulira ayenera kudziletsa pamenepa. Pakamwa pamayabwa kuti amalize chiganizo chachiwiri chija ndi "ndinachita kugula", koma mwini wake sananene zogula. Kumeneko n'kumuikira munthu umboni m'kamwa.

Ufulu wosuntha mawuwu uli ndi lamulo lake. Mu 1987 Joan Bresnan ndi Sam Mchombo, katswiri wa zilankhulo wa ku Malawi amene waphunzitsa pa yunivesite ya California ku Berkeley, anaonetsa kuti mneni akatenga kaphatikizo koimira chochitiridwa, mawu atatu a chiganizo angasanjidwe m'njira zonse 6. Mu "Fisi anaigwira mbuzi", ka "i" kakuimira mbuzi, ndiye tingathenso kunena kuti, "Mbuzi anaigwira fisi." Kakachoka, mbuzi iyenera kutsatira mneni, ndipo "Mbuzi anagwira fisi" sichimvekanso bwino.

Zolembedwa n'zovuta koposa, poti papepala mmero sumveka. Nthawi zina wolemba Chingerezi amapendeketsa zilembo za liwu lotsindikidwa, koma kawirikawiri sasiya chizindikiro chilichonse. Womasulira waluso amabwerera m'mbuyo n'kufunsa kuti chiganizochi chikuyankha funso liti. Ngati funso linali lakuti "Anaba ndani?", yankho loyamba ndi "Si mbuzi" laphonya, ngakhale galamala yake ili bwino. Amene akuwerenga zomasuliridwa angayese njira yomweyi: yankho likapanda kugwirizana ndi funso lake, kutsindika kwagwera pa liwu lolakwika.