Kupeza nambala imodzi popanda kusanja zonse

Kompyuta ikakhala ndi manambala miliyoni imodzi osakanikirana, ndipo inu mukufuna yapakati penipeni, nzeru yoyamba kubwera ndi yakuti onse asanjidwe kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu, kenako muwerenge mpaka pakati. Yankho limapezeka ndithu, koma ntchito yambiri imapita pachabe. Kusanja manambala miliyoni kumafuna kuyerekeza awiriawiri pafupifupi ka 20 miliyoni, chonsecho mumangofuna imodzi.

Mu 1961, katswiri wa ku Britain Tony Hoare, yemwenso anatulukira njira yosanjira ya Quicksort, anafalitsa njira yachidule imene anaitcha FIND. Lero imadziwika ndi dzina loti Quickselect. Imapeza nambala ya pamalo aliwonse amene mungatchule, kaya achinayi kaya a 500,000, kuwerengera kuchokera ku yaing'ono.

Tiyeni tiione pa manambala asanu ndi anayi awa: 41, 7, 63, 25, 90, 12, 58, 33, 76. Tikufuna yachinayi. Timatola imodzi mwachisawawa kuti ikhale choyezera. Tinene kuti yatuluka 58. Ina yonse isanu ndi itatu timaiyerekeza nayo n'kuigawa milu iwiri. Ochepera 58 ndi 41, 7, 25, 12 ndi 33. Oposa ndi 63, 90 ndi 76. Popeza mulu wa ochepa uli ndi manambala asanu, yachinayi ili momwemo basi. Mulu winawo timautaya, sitidzauyang'ananso.

Mwa asanuwo tatola 12. Yochepera 12 ndi 7 yokha, ndiye kuti 12 ndi yachiwiri. Apa m'pamene ophunzira ambiri amapunthwa: tikamapita ku mulu wa 41, 25 ndi 33, manambala awiri tawasiya kale kumbuyo, choncho sitikufunanso yachinayi koma yachiwiri mumuluwo. Tikatola 33, yochepera ndi 25 yokha. Yankho ndi 33, ndipo tayerekeza ka 14: kasanu ndi katatu, kanayi, kenako kawiri.

Kuchepa kwa ntchito pa ulendo uliwonse ndiye chinsinsi chake. Quicksort ikagawa, imalowa m'milu yonse iwiri, choncho ulendo uliwonse imagwiranso pafupifupi manambala onse. Quickselect imalowa mulu umodzi. Choyezera chikanati chizigawa pakati nthawi zonse, ntchito ikanakhala miliyoni, kuphatikiza theka la miliyoni, kuphatikiza theka la thekalo, ndipo zonse pamodzi sizikanafika mamiliyoni awiri.

Koma chotola mwachisawawa sichigawa pakati nthawi zonse. Nanga tingachidalire bwanji? Ganizirani manambalawo ngati ali pamzere, mzerewo wodulidwa zigawo zinayi zofanana. Choyezera chikagwera m'zigawo ziwiri zapakati, mulu umene watsala sungapitirire magawo atatu mwa anayi a umene tinali nawo. Mwayi wogwera pamenepo ndi theka, ngati poponya khobidi m'mwamba, motero kawirikawiri timatola kawiri kuti tipeze choyezera chabwino. Kutola kawiriko kumadya ntchito yosaposa kawiri kukula kwa mulu, ndipo mulu umachepa. Ngati manambala alipo n:

```
2n × (1 + 3/4 + 9/16 + ...) = 2n × 4 = 8n
```

Chimene chimandisangalatsa pa masamu amenewa n'chakuti 8 sasintha, kaya n ndi 100 kaya biliyoni. Manambala akawonjezeka kawiri, ntchito yoyembekezeka imawonjezeka kawiri basi. Ndipotu 8 ndi malire otayirira. Kuwerengetsa mosamala kumaonetsa kuti popeza nambala yapakati pamafunika pafupifupi 3.4n, kutanthauza mamiliyoni 3.4 m'malo mwa 20 aja.

Mawu oti "yoyembekezeka" akunena za kutola kwathu, osati za mmene manambala abwerera. Wolemba pulogalamu akachita ulesi n'kumangotenga nambala yoyamba ngati choyezera, ndiyeno n'kulandira manambala osanjidwa kale, ulendo uliwonse umachotsa nambala imodzi yokha. Pa miliyoni imodzi, kuyerekeza kumakwera kufika mabiliyoni mazanamazana. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: mukawonjezera manambala kawiri, nthawi imachuluka kanayi. Vuto lomwelo limabuka manambala ofanana akachuluka n'kumaunjikana mbali imodzi. Mankhwala ake ndi mulu wachitatu wa ofanana ndi choyezera.

Mu 1973, Blum, Floyd, Pratt, Rivest ndi Tarjan anapeza njira yosankhira choyezera imene sidalira mwayi: manambala amaikidwa m'magulu a asanuasanu, pagulu lililonse pamatengedwa yapakati, kenako yapakati mwa apakatiwo. Njirayi siingakhumudwitse, koma imachedwerapo, n'chifukwa chake `numpy.partition` ya mu Python imayamba ndi Quickselect n'kutembenukira kwa iyo pokhapokha milu ikakana kuchepa.