Fatura Yoyamba Kupita ku Boma Isanafike kwa Wogula

Mukagula katundu pasitolo yaikulu, amakupatsani fatura. Papepalapo pamalembedwa dzina la wogulitsa, katundu amene mwagula, mtengo wake ndi msonkho. Mwa njira yakale, wogulitsa amalemba fatura n'kukupatsani, ndipo boma limadzaiona pambuyo pake, mwina patapita miyezi. Nthawi imeneyo ndi yokwanira kuti munthu wacinyengo ang'ambe pepala, asinthe mtengo, kapena alembe fatura ya katundu amene sanagulitse n'komwe.

Maiko ena anatembenuza ndondomekoyi. Kumeneko fatura imayamba yapita ku ofesi ya msonkho, ofesiyo n'kuivomereza, kenako ndiye imafika kwa wogula. Tiyeni tione mmene amacitira ku Brazili, kumene njirayi inayamba kugwira nchito mu 2006. Mu 2008 ogulitsa ndudu ndi mafuta a galimoto anayamba kukakamizidwa kuigwiritsa nchito, ndipo amalonda ena anatsatira pang'onopang'ono. Kumeneko amayankhula Cipwitikizi, conco mau ena mungawazindikire.

Fatura yeniyeni si pepala

Fatura imeneyi amaichula kuti NF-e. Ndi kalata ya m'kompyuta, ndipo wogulitsa amaisaina ndi siginecha ya m'kompyuta imene ili ngati cidindo ca kampani yake. Munthu akasintha nambala ngakhale imodzi pambuyo posaina, siginechayo sigwirizananso ndi kalatayo, ndipo makina amadziwa kuti wina waigwira.

Dziko la Brazili lili ndi zigawo, ndipo cigawo ciliconse cili ndi ofesi yake ya msonkho, imene amaichula mwacidule kuti SEFAZ. Kumeneko ndi kumene fatura imayamba kupita, kudzera pa intaneti.

Matumba 200 a mpunga

Tiyerekezere kuti kampani ina ya ku São Paulo ikugulitsa matumba 200 a mpunga kwa mwini sitolo wa m'cigawo ca Minas Gerais. Thumba limodzi ndi mareyali 25, ndiye onse pamodzi ndi mareyali 5.000. Lole ili panja, dalaivala akudikira.

Kalaliki akulemba fatura pakompyuta. Akulemba nambala ya msonkho ya kampani yake ndi ya wogula. Nambala imeneyi kumeneko ndi CNPJ, ndipo nchito yake ikufanana ndi ya NUIT kwathu kuno. Akamaliza akusaina, n'kutumiza ku SEFAZ.

Ku SEFAZ kulibe munthu wokhala patebulo n'kumawerenga. Makina ndi amene amafufuza, ndipo nthawi zambiri yankho limabwera m'masekondi ocepa. Amaona ngati siginecha ili yoona, ngati wogulitsayo ndi wololedwa kutulutsa mafatura, ngati masamu akugwirizana, ndiponso ngati nambala ya faturayo sinagwiritsidwepo kale nchito.

Tinene kuti kalaliki walakwitsa nambala imodzi pa CNPJ ya wogula. Manambala awiri omaliza a CNPJ amacokera m'masamu a manambala oyambawo, conco makina amagwira colakwaco msanga. Fatura ikubwerera ndi uthenga uwu:

```
208 - Rejeição: CNPJ do destinatário inválido
```

Fatura yokanidwa ili ngati sinalembedwe, ndipo lole singanyamuke nayo. Kalaliki akukonza nambalayo n'kutumizanso. Ulendo uno yankho ndi ili:

```
100 - Autorizado o uso da NF-e
```

Apa ndiye kuti boma lavomereza, ndipo lasunga kope lake. Tsopano wogulitsa angatumize faturayo kwa wogula.

Pepala la dalaivala

Dalaivala sanganyamule kompyuta, ndiye amamusindikizira pepala lochedwa DANFE. Pepalali limangosonyeza mwacidule zimene zili mu fatura ya m'kompyuta. Cofunika kwambiri papepalali ndi mzere wa manambala 44, umene uli ngati kiyi wa faturayo.

Manambalawa sanangoikidwa cisawawa. Awiri oyamba amasonyeza cigawo ca wogulitsa, ndipo São Paulo ndi 35. Anayi otsatira ndi caka ndi mwezi. Ngati mpungawo unagulitsidwa m'mwezi wacitatu wa 2024, kiyi ayamba ndi 352403. Kenako pamabwera CNPJ ya wogulitsa, ndipo cakutsogolo pali nambala ya faturayo.

Wa msonkho akaimitsa lole pamsewu, amalowetsa kiyi ameneyu m'makina ake. Wogula nayenso angamulowetse pa www.nfe.fazenda.gov.br, n'kuona ngati faturayo ilipodi. Kiyi akapanda kupezeka, katunduyo angagwidwe ndipo pangakhale cindapusa.

Zimene makina saona

Apa mpofunika kumvetsa bwino. Boma likavomereza fatura, sikuti latsimikizira kuti zonse zolembedwamo ndi zoona. Makina sanakwere m'lole kukawerenga matumba, ndipo sadziwa mtengo umene anthu awiriwa anagwirizana.

Tiyerekezere kuti kalaliki uja watembenuza manambala, walemba 52 m'malo mwa 25. Matumba 200 pa mareyali 52 ndi mareyali 10.400. Masamuwo akugwirizana bwinobwino, conco fatura ingadutse. Koma tsopano m'mabuku a boma mukuoneka kuti kampaniyo yagulitsa katundu wa ndalama zoposa kuwirikiza kawiri, ndipo msonkho uwerengedwa pa ndalama zimenezo.

Nanga angakonze bwanji? Fatura yovomerezedwa saifufuta n'kulembanso pamwamba. Ngati lole isananyamuke, wogulitsa angapemphe SEFAZ kuti iithetse, n'kulemba ina yatsopano. Lamulo la dziko lonse limapereka maola 24 ocitira zimenezi. Palinso kalata yokonzera zolakwa zing'onozing'ono, koma kalata imeneyo siloledwa kusintha mtengo, kuculuka kwa katundu, kapena kuika wogula wina. Ngati katundu wapita kale, nkhani imatalika, ndipo kawirikawiri pamafunika fatura ina yobwezera. N'cifukwa cake kalaliki wanzeru amawerenga kawiri asanatumize.

Wogula nayenso ali n'coti asamale. Wogulitsa wosakhulupirika angasindikize DANFE, kenako n'kuthetsa faturayo mwakacetecete. Pepala limaoneka labwinobwino, koma ku boma fatura inafa kale. Mwini sitolo akalandira katundu wotere, sangacotsere msonkho umene analipira pogula pa msonkho umene iye ayenera kupereka. Njira yodziwira ndi imodzi basi: alowetse manambala 44 aja n'kuona ngati faturayo idakali yamoyo.

Zimathekanso kuti wina alembe fatura m'dzina la sitolo imene sinagule kanthu. Poti boma lili ndi kope, mwini sitoloyo angaione, n'kutumiza uthenga woti malonda amenewo sakuwadziwa. Uthengawo umamatiridwa ku faturayo.

Makina akazima

Mwina mukufunsa kuti, nanga makina a SEFAZ akafa, malonda onse aime? Ayi. Pali makina ena apadera amene amalandira mafatura m'malo mwa SEFAZ ya cigawo pa nthawi yotere. Intaneti ya wogulitsa ikaduka, pali mapepala apadera ovuta kukopera amene angasindikizepo DANFE kuti lole inyamuke. Koma ngongole imatsala: intaneti ikangobwera, faturayo ayenera kuitumiza ku SEFAZ kuti ivomerezedwe. Akapanda kutero, matumba 200 aja amakhala kuti ayenda popanda fatura.