Kabuku ka makina oyezera bipi: chimene banja liyenera kutolamo

Makina oyezera bipi kunyumba amabwera ndi kabuku ka masamba ambiri, ka zilembo zing'onozing'ono, kawirikawiri ka m'Chingelezi. Opanga makinawo amayamba ndi machenjezo, kenaka maina a zipangizo, kaikidwe ka mabatire ndi kakonzedwe ka tsiku ndi nthawi. Zimene wodwala akufunika kuchita m'mawa uliwonse zimamwazikana pakati pa zonsezi. N'chifukwa chake kumasulira kabukuka tsamba ndi tsamba sikuthandiza mayi amene wauzidwa kuchipatala kuti aziyeza bipi yake kunyumba. Chimene chimathandiza ndi pepala limodzi lolembedwa motsata zimene munthu amachita, kuyambira asanakhale pansi mpaka atalemba manambala ake.

Tiyerekeze kuti mwagulira amayi anu makina omanga kumtunda kwa mkono, monga aja a Omron opezeka m'mafamase, ndipo ntchito yolemba pepalalo yagwera inu.

Yambani ndi lamba

Musanalembe chilichonse, yang'anani manambala olembedwa pa lamba womanga pamkono. Lamba wapakatikati amalembedwa `22-32 cm`, wamkulu `32-42 cm`. Kabuku kamatchula zimenezi chakumapeto, pamndandanda wa zipangizo, pomwe anthu ambiri safikapo. Tengani tepi ya telala muyeze kuzungulira kwa mkono pakati penipeni pa phewa ndi chigongono. Ngati mkono wa amayi ndi masentimita 35 koma lamba amalekeza pa 32, lambayo ndi wamng'ono. Adzamangika ndithu, koma makina adzaonetsa bipi yokwera kuposa yeniyeni, chifukwa thumba la mpweya lalifupi limafuna mphamvu yochuluka kuti litseke mtsempha. Apa palibe malangizo amene angakonze vutolo, koma kugula lamba wamkulu wogwirizana ndi makinawo.

M'machenjezo ambirimbiri a kabuku, sankhani okhudza amayi anuwo. Lamba samangidwa pa mkono umene uli ndi bala, dilipi, kapena mtsempha wokonzedwera makina osefa magazi a odwala impso. Amene adachitidwa opaleshoni yochotsa bere ayambe afunsa adokotala mkono woyenera.

Zochita musanadine batani

Kabuku kamanena kuti kwa mphindi 30 musanayeze musadye, musamwe khofi kapena mowa, musasute fodya, musasambe ndiponso musachite masewero olimbitsa thupi. Amayi akumudzi angayankhe kuti iwo sachita masewero, pomwe angotula kumene ndowa ya madzi. Choncho papepala lembani ntchito zawo zenizeni: kutunga madzi, kusinja, kulima, kusesa pabwalo. Ndipo m'malo mwa mndandanda wa zoletsa, apatseni nthawi imene zoletsazo zimadzikwaniritsa zokha: akangodzuka, atataya madzi, asanamwe tiyi ndi mankhwala a bipi, ndiponso madzulo asanadye nsima. Kutaya madzi n'kofunika chifukwa chikhodzodzo chodzaza chimakweza bipi.

Chithunzi cha m'kabuku chimaonetsa munthu atakhala pa mpando wotsamira, mkono uli patebulo. Cholinga chake n'chakuti lamba akhale pa msinkhu umodzi ndi mtima. Mkono ukalendewera, magazi a m'mitsempha amaonjezera kulemera kwake pa muyeso: lamba akatsika masentimita 10 kuchokera pa msinkhu wa mtima, nambala imakwera ndi pafupifupi 8. Mukamvetsa chifukwa chimenechi, mudziwa chochita m'nyumba yopanda tebulo. Amayi akhale pa mpando, msana utatsamira, mapazi onse ali pansi osapingasa miyendo, ndipo muunjike mapilo pa mpando wina pambali pawo kufikira pakati pa lamba patayang'anizana ndi pakati pa chifuwa. Mkono ugone pamenepo, asaunyamule okha. Akhale chete mphindi 5 asanayambe.

Kumanga ndi kuyeza

Lamba amangidwe pakhungu. Malaya a manja othina avulidwe, asakwinyidwe, pakuti opindidwawo amafinya mkono. M'mphepete mwa lamba mukhale sentimita 1 kapena 2 pamwamba pa mopindikira mkono, ndiye kuti ngati kukula kwa chala chimodzi. Kapaipi ka mpweya katsikire mkati mwa mkono, kulunjika chala chapakati, chikhatho chitayang'ana kumwamba. Lamba agwire bwino, koma zala ziwiri zizitha kulowa pansi pake.

Mawu olembedwa pa makina muwakopere monga alili, chifukwa ndi amene maso a amayi adzawafunafuna. Lembani kuti: dinani batani la `START/STOP` kamodzi. Onjezerani chimene kabuku sikalabadira: lamba adzafinya kwambiri kwa kanthawi kenaka n'kumasuka yekha, ndipo ichi sichoopsa. Munthu wosachenjezedwa amadzidzimuka, nalimbitsa mkono kapena kufunsa funso, ndipo kuyankhula ndi kugwedezeka kumasokoneza muyeso chifukwa makinawa amawerenga timafunde ta kugunda kwa mtsempha kudzera mu mpweya wa mu lamba.

Pagalasi padzaoneka manambala atatu. `SYS` ndi yapamwamba, mphamvu ya magazi pomwe mtima ukupopa. `DIA` ndi yapansi, pomwe mtima ukupuma. `PULSE` ndi kugunda kwa mtima pa mphindi imodzi, ndipo ena amaisokoneza ndi yapansi ija. Pakaoneka chilembo `E` kapena `Err`, muyeso walephereka. Tanthauzo la nambala yotsatira chilembocho limasiyana malinga ndi makina, choncho likopereni kuchokera m'kabuku kanu komweko. Kawirikawiri vuto limakhala kapaipi kosalowa bwino, lamba wolefuka kapena kugwedezeka.

Kuwerenga zotsatira

Muyeso umodzi suuza zambiri. Amayi ayeze kawiri m'mawa ndi kawiri madzulo, kusiyanitsa ndi mphindi 1 kapena 2, kwa masiku 7, pa mkono womwewo. Manambala a tsiku loyamba amasiyidwa, popeza munthu amakhala asanazolowere. Otsalawo amaphatikizidwa n'kugawidwa kuti papezeke yapakatikati.

Nachi chitsanzo cha tsiku limodzi. M'mawa apeza 148/92 ndi 142/88, madzulo 138/86 ndi 136/84. Apamwamba anayiwo akwana 564, kugawa ndi 4 ndi 141. Apansi akwana 350, kugawa ndi 4 ndi pafupifupi 88. Yatsikulo ndi 141/88. Kuchipatala bipi imatchedwa yokwera kuyambira 140/90, koma kunyumba, kumene munthu amakhala womasuka, malire ake ndi 135/85. Sabata yonse ikamatuluka chonchi, manambalawo apite kwa adokotala pamodzi ndi makinawo, kuti akawayerekeze ndi a kuchipatala.

Pansi pa pepala lembani mizere iwiri m'zilembo zazikulu. Woyamba: musasiye, musaonjezere kapena kuchepetsa mankhwala chifukwa cha nambala ya makina. Wachiwiri: yapamwamba ikafika 180 kapena yapansi 120, pumulani mphindi 5 muyezenso, ndipo ikakhalabe pomwepo pitani kuchipatala tsiku lomwelo, koma ngati pali kupweteka pachifuwa, kubanika, kusaona bwino, kupotoka pakamwa kapena kufooka mbali imodzi ya thupi, nyamukani nthawi yomweyo. Kwa mayi woyembekezera, 140/90 yokha ndi yokwanira kupita kukaonana ndi azamba tsiku lomwelo.

Mukamaliza kulemba, apatseni amayi pepalalo ayeze okha inu mukuonerera osatsegula pakamwa. Paliponse pamene aima n'kukuyang'anani, mzere umenewo sunamveke, ndipo muulembenso kufikira atafika pa manambala popanda kufunsa.