Pampu kapena ng'ombe ya mkaka: tiwerengere tisanagule

Alimi anzanga, nthawi yogulitsa mbewu ikatha makalabu ambiri amakhala ndi kandalama m'thumba, ndipo pamsonkhano pamabuka mkangano. Ena akufuna pampu yothirira kudimba, ena akufuna ng'ombe ya mkaka. Kawirikawiri amapambana ndi amene ali ndi mawu akulu, kapena amene anaona mnzake wa mudzi wina atagula njinga yamoto ndi ndalama za tomato. Pantchito yanga ya ulangizi ndimathandiza magulu kulemba mapepala opemphera ngongole, ndipo pali masamu atatu amene abanki ndi mabungwe amayang'ana pamapepala otere. Safuna kompyuta. Kope, pensulo ndi kakyuleta ya pafoni n'zokwanira.

Titenge chitsanzo. Ziwerengero zake ndangoziika kuti tiphunzirirepo, inu mudzaikepo mitengo ya kwanu. Kalabu ina ili ndi K2 miliyoni. Ikhoza kugula pampu ya petulo ndi mapaipi n'kumalima tomato ndi anyezi m'chilimwe. Ikhozanso kugula ng'ombe yamkaka ya bere, kumanga khola ndi kubzala nsenjere. Zonse ziwiri zikudya K2 miliyoni, ndiye sangachite zonse.

Choyamba ndi kulemba ndalama zotsala chaka chilichonse mutachotsa zolowa, kwa zaka zisanu. Pampu ikadali yatsopano imagwira bwino: chaka choyamba itsalitsa K1,000,000, chachiwiri chimodzimodzi. Kenaka iyamba kudwaladwala, mapaipi kubooka, ndiye chaka chachitatu K800,000, chachinayi K500,000, chachisanu K300,000, pamenepo yatha ntchito. Ng'ombe imayamba mozizira. Chaka choyamba muyembekezera kuti ibereke, nsenjere sizinakhwime, ndiye patsala K300,000 yokha. Chachiwiri K800,000, chachitatu K1,100,000, chachinayi ndi chachisanu K1,300,000 chaka chilichonse. Pakutha pa zaka zisanu ng'ombeyo ndi ana ake akadalipo m'khola, ndipo tinene kuti mutawagulitsa mungapeze K1,200,000. Chotero chaka chachisanu tilemba K2,500,000.

Apa pali msampha umene ndimaupeza m'mapepala ambiri. Muyenera kulemba phindu loonjezera lokha. Ngati dimbalo mumathirira kale ndi makheni n'kumapeza kanthu, kanthu kameneko si ka pampu, chotsani. Malo amene mwabzala nsenjere ankakupatsani chimanga, chimangacho mwataya, chiwerengereni ngati cholowa. Ngakhale thukuta la mamembala odula udzu ndi kukama m'mawa liikeni pa mtengo wa ganyu.

Muyeso woyamba, umene aliyense amaudziwa ngakhale sanaphunzire, ndi nthawi yobweza mpamba. Mumangophatikiza zotsala mpaka zikwane zimene munalowetsa. Pampu yabweza K2 miliyoni pa zaka ziwiri ndendende. Ng'ombe pa zaka ziwiri yabweza K1,100,000 yokha, kwatsala K900,000, imene ikwanira patapita miyezi pafupifupi khumi ya chaka chachitatu. Pamuyeso uwu pampu yapambana, ndipo pamisonkhano yambiri nkhani imathera pomwepa.

Koma muyeso uwu uli ndi khungu pa zonse zochitika mpamba utabwerera. Suona kuti pampu ikupita kumanda pamene ng'ombe ikuswana. Mukaphatikiza zaka zonse zisanu, pampu yabweretsa K3,600,000 ndipo ng'ombe K6,000,000. Ndiye wina anena kuti basi ng'ombe yapambana ndi kutali. Naye akufulumira, chifukwa ndalama zambiri za ng'ombe zikubwera mochedwa, ndipo kwacha ya chaka chachisanu siifanana ndi kwacha imene ili m'manja lero.

Chifukwa chake n'chosavuta. Mnzanu atakufunsani kuti musankhe K100,000 lero kapena K100,000 chaka chamawa, mutenga ya lero, popeza mukhoza kuoda nayo nyemba n'kupindula chaka chisanathe. Tinene kuti kalabu yathu, itayendetsa ndalama zake pa geni ina, imapindula K20 pa K100 iliyonse pachaka. Ndiye kuti K100,000 ya lero ifanana ndi K120,000 ya chaka chamawa. Tikatembenuza, ndalama ya chaka chamawa tiigawe ndi 1.2 kuti tidziwe mtengo wake wa lero. Ya chaka chachiwiri tiigawe ndi 1.2 kawiri, ya chachitatu katatu, choncho mpaka chachisanu. Miliyoni imene mudzalandire patatha zaka zisanu, lero ili ngati K402,000 basi.

Tiyeni tichite zimenezi pa pampu. Miliyoni ya chaka choyamba ikhala K833,000, ya chachiwiri K694,000. Zaka zitatu zotsalazo zipereka K463,000, K241,000 ndi K121,000. Zonse pamodzi ndi K2,352,000. Tikachotsa K2 miliyoni imene tinalowetsa, patsala K352,000. Chotsala chimenechi ndi phindu lenileni pa mtengo wa lero, limene m'mapepala a kubanki amalilemba ndi zilembo zoti NPV. Mpamba woyamba sitiugawa ndi kanthu, chifukwa ukutuluka lero lomwe.

Pa ng'ombe tipeza K250,000, K555,000, K637,000, K627,000, ndipo K2,500,000 ya chaka chachisanu itsika kufika pa K1,005,000. Pamodzi ndi K3,074,000, ndipo tikachotsa mpamba patsala K1,074,000. Ng'ombe ikadali patsogolo, koma taonani mmene mpata wachepera. Poyamba zinasiyana ndi K2,400,000, tsopano zikusiyana ndi K722,000.

Lamulo lake ndi lakuti chotsalacho chikaposa ziro, ntchitoyo ikupindula kuposa geni ina imene mukanachita ndi ndalamazo. Chikatsika pansi pa ziro, isiyeni, ngakhale ikuoneka kuti ikubweretsa ndalama. Ndipo pamene muyenera kusankha imodzi mwa ziwiri, tengani ya chotsala chachikulu.

Funso limene ndimafunsidwa kwambiri ndi lakuti 20 ameneyu achokera kuti. Si lamulo la boma. Ndi mtengo wa ndalama kwa inuyo, ndipo ukakwera yankho limasintha. Titaika 30 m'malo mwa 20, ndiye kuti kugawa ndi 1.3, pampu ibweretsa K1,981,000, kuperewera pang'ono pa mpamba, pamene ng'ombe itsalitsa pafupifupi K333,000. Titaika 40 zonse ziwiri zigwa. N'chifukwa chake ndalama ya katapila, kapena ya banki m'khonde imene chiongoladzanja chake amawerengera pamwezi, siiyenera kugulira chinthu chimene chimabweza pa zaka.

Nanga kukwera kwa mitengo? Tonse tikukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo mu 2024 banki yaikulu ya dziko lino inakweza chiongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti. Palibe amene angalosere mtengo wa lita ya mkaka zaka zisanu zikubwerazi. Njira yapafupi ndi imene ndatsata pano: lembani zonse pa mitengo ya lero, mkaka ndi madeya omwe, ndipo nambala yogawira ikhale ya phindu limene limatsala mutachotsapo kukwera kwa mitengo. Mukafuna kugawira chiongoladzanja chonse cha kubanki, pamenepo mukwezenso mitengo ya chaka chilichonse, popeza m'chiongoladzanjacho abanki anaikamo kale kukwera kwa mitengo. Mukasakaniza, mitengo ya lero ndi chiongoladzanja cha kubanki, mudzakana ntchito zabwino zochedwa kubereka monga mitengo ya zipatso ndi ziweto.

Muyeso wachitatu, umene amaulemba kuti BCR, umagwiritsa ntchito ziwerengero zomwezi. M'malo mochotsa, timagawa: phindu la pa mtengo wa lero kugawa ndi mpamba. Pampu ipereka 1.18, kutanthauza kuti kwacha iliyonse yabweza K1.18. Ng'ombe ipereka 1.54. Nambala yoposa 1 ndiyo yabwino.

Ine muyeso uwu ndimaukonda chifukwa umaonetsa kuti ntchito ingapirire nkhonya yaikulu bwanji. Zotsala za pampu zikangotsika ndi 15 peresenti, phindu lonse lapita. Aliyense amene anaimapo ndi mabasiketi a tomato pa Lizulu nthawi imene aliyense wakolola akudziwa kuti kutsika kotere kumachitika tsiku limodzi. Ng'ombe ingapirire kutsika kwa pafupifupi 35 peresenti. Komabe musaiwale kuti ng'ombe ndi imodzi. Ikafa ndi matenda obwera ndi nkhupakupa chaka chachiwiri, palibe masamu amene angaidzutse, ndipo ikalephera kutenga bere msanga miyezi yopanda mkaka ichuluka. Tsono m'zolowa muikemo dipi, mankhwala ndi ndalama ya mlangizi wa ziweto, ndipo mufunse ngati pafupi pali gulu losonkhanitsa mkaka monga a ku Bvumbwe. Mkaka wopanda msika wa tsiku ndi tsiku umasasa ndi masamu ake omwe.

Muyeso wachitatuwu umanyenganso. Wina akhoza kubwera ndi ganizo la ming'oma ya njuchi ya K200,000 yobweza K400,000 pa mtengo wa lero. Nambala yake ndi 2, kuposa ng'ombe. Koma chotsala chake ndi K200,000 yokha, ndipo K1,800,000 inayo ikhala ikugona. Ming'oma ipambana ng'ombe pokhapokha ngati nkhalango ndi msika wa uchi zilola kuti muichulukitse kasanu n'kamodzi kapena kuposa apo. Chinanso, olemba ena amaika zolowa za chaka ndi chaka, monga madeya ndi mankhwala, pamodzi ndi mpamba m'malo mozichotsa pa zogulitsa. Ngati zolowazo ndi K3 miliyoni pa mtengo wa lero, ng'ombe yomwe ija ikhala K6,074,000 kugawa ndi K5,000,000, ndipo nambala yake itsika kufika pa 1.21, pamene chotsala chili pomwe chinali, K1,074,000. Mukamayerekeza mapepala awiri, funsani ngati anawerengera mofanana.

Tsono kalabu yathu isankhe chiyani? Ngati K2 miliyoniyo ndi yawoyawo ndipo palibe amene akuwathamangitsa, ine ndingawauze kuti agule ng'ombe. Koma ngati ndi ngongole yoti ibwezedwe pa zaka ziwiri, nthawi yobweza mpamba imene ndinaipeputsa ija ibwerera pampando. Pofika tsiku lobweza, ng'ombe idzakhala itapereka K1,100,000 yokha, ndipo angongole adzabwera kudzaitenga isanafike zaka zake zonona. Ngakhale pampu idzakhala itabweza mpamba wokha, chiongoladzanja chisanalipidwe. Pamenepo chofunika ndi kukambirana ndi obwereketsa kuti ngongoleyo italike kufika zaka zinayi, ndipo chaka choyamba muzilipira pang'ono. Akakana, ngongole imeneyo si ya ng'ombe, ndipo kalabu ingachite bwino kusonkha chaka china kuti mpamba wambiri ukhale wawo.