Fisi akapha msilikali, n'chifukwa chiyani sing'anga amadumphidwa?

Mu bawo palibe chisokonezo pa nkhani ya woti asewere: inu mukamaliza, mnzanu amayamba. Magemu ena ankhondo a pa kompyuta ndi pa foni amayendanso motero, mosinthana, kungoti omenyana amakhala ambiri ndipo amafa nkhondo ili mkati. Ena amatulukira mwadzidzidzi, mwina chilombo chaitana anzake. Apa m'pamene gemu yomwe imayenda bwinobwino imayamba kuchita zachilendo: wina amadumphidwa osamenya, wina amamenya kawiri, mwinanso gemu yonse imangotsekeka.

Mwambo wondandalika omenyana ndi wakale. Mu Dungeons & Dragons, gemu ya patebulo imene inatuluka ku America mu 1974, malamulo a masiku ano amati aliyense aponye dayisi ya mbali 20 nkhondo ikamayamba, ndipo wopeza nambala yaikulu ndiye amayamba. Patebulo vuto lathuli silioneka, chifukwa woyendetsa gemu ndi munthu. Wina akafa amangodula dzina lake ndi pensulo, ndipo amakumbukira kuti wotsatira ndi uje. Kompyuta sikumbukira uje. Ikalembedwa mwachidule imangosunga nambala ya malo pamzere.

Tiyeni tione nkhondo ya anthu awiri ndi zilombo ziwiri. Waliwiro kwambiri ndiye amayamba: Msilikali ali ndi liwiro 14, Fisi 11, Sing'anga 9, Njoka 6. Pulogalamu imawaika pamzere n'kuwapatsa malo, ndipo m'zinenero zambiri za kompyuta kuwerenga kumayambira pa 0. Choncho Msilikali ali pa 0, Fisi pa 1, Sing'anga pa 2, Njoka pa 3. Wophunzira kulemba magemu m'chinenero cha Python nthawi zambiri amayamba ndi zonga izi:

```python
i = 0
while i < len(mzere):
    mzere[i].sewera()
    i += 1
```

Tanthauzo lake n'lakuti: yambira pamalo 0, amene ali pamenepo asewere, onjeza 1, pitiriza mpaka mzere uthe. Chilembo `i` chili ngati chala cholozera malo.

Msilikali wamenya, chala chapita pa 1. Fisi walumpha n'kumuluma Msilikali, yemwe anali atavulala kale, ndipo wafa. Pulogalamu ikumuchotsa pamzere nthawi yomweyo, zomwe zikuoneka zanzeru ndithu, pajatu wakufa samenya. Koma mzere wa kompyuta susiya mpata. Zili ngati pamjigo: wakutsogolo akanyamula ndowa yake, onse amasendera. Tsopano Fisi ali pa 0, Sing'anga pa 1, Njoka pa 2. Chala sichinauzidwe za kusenderaku. Chikuchoka pa 1 kupita pa 2, ndipo pa 2 chikupeza Njoka. Sing'anga, amene amayembekezera kuti achitepo kanthu, wadutsidwa, ndipo Njoka ikumuluma iye asanatukule n'komwe dzanja.

Chopweteka n'chakuti pulogalamu sidandaula. Palibe uthenga uliwonse pa sikirini, nkhondo imangopitirira. Wosewera amangomva kuti gemu yamubera, koma sangathe kuloza pamene yabera.

Ndipo sizichitika nthawi zonse, n'chifukwa chake vutoli limatha kubisala kwa miyezi. Akanafa ndi Njoka, yomwe ili kumapeto ndipo sinasewere, palibe akanasendera kudutsa chala, zonse zikanayenda bwino. Kudumpha kumachitika pokhapokha wakufayo ali pamalo amene chala chadutsa kale, kapena pamene chili pompano, monga ngati womenya wafa yekha ndi poizoni nthawi yake itakwana. Wolemba gemu akhoza kuyesa nkhondo khumi osakumana nazo.

Kulowa kwa watsopano kumatembenuza nkhaniyi. Tibwerere pamzere woyamba, onse anayi ali moyo. Fisi, ali pa 1, walira n'kuitana Khwangwala wa liwiro 20, ndipo pulogalamu ikusanjanso mzere potengera liwiro. Khwangwala wakhala pa 0, Msilikali wasunthira pa 1, Fisi pa 2. Chala chikupita pa 2 n'kupezanso Fisi yemweyo. Wapatsidwa mpata wachiwiri, pomwe Khwangwala sanasewere chifukwa watera kumbuyo kwa chala. Fisi akaitananso Khwangwala wina, adzasunthiranso patsogolo, chala chidzamupezanso, ndipo raundi siidzatha. Sing'anga wathu uja adzangokhala chiimire.

Zinenero zina zimakuwa msanga. Mu C#, chinenero chomwe ambiri opanga magemu ndi Unity amagwiritsa ntchito, ukasintha mndandanda uku ukuyenda nawo ndi `foreach` umalandira `InvalidOperationException`. Mu Java nthawi zambiri umaona `ConcurrentModificationException`. Python imangokhala chete, kupatula ngati unasunga kutalika kwa mzere poyamba, pamenepo chala chimapyola mapeto n'kubweretsa `IndexError`. Ine ndimaona kuti kukuwako n'kwabwino, chifukwa kumakuuza mzere wa pulogalamu umene walakwika. Kwa chinenero chachete, njira yake ndi kulembetsa dzina la aliyense amene wasewera mu raundi iliyonse, kenako n'kuwerenga. Dzina la wamoyo likasowa, kapena lina likaoneka kawiri, yang'anani amene anafa kapena kulowa posachedwa, ndi malo amene anali.

Ambiri amathamangira kuchotsa 1 pa `i` wina akafa. Zimagwira pa nkhani ya Msilikali, koma akafa ndi Njoka ndiye Fisi amamenya kawiri. Ukaonjeza lamulo loyang'ana malo a wakufa, mawa pabwera bomba lopha atatu nthawi imodzi, wina kumbuyo kwa chala, awiri kutsogolo. Zigamba zimachuluka mpaka nsalu yeniyeni osaonekanso.

Njira yokhalitsa ndi kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene zinaphatikizidwa: mndandanda wa onse amene ali pankhondo, ndi mndandanda wa amene sanasewere mu raundi ino. Raundi ikamayamba umakopera mayina, kenako umangotenga wakutsogolo:

```python
otsala = list(mzere)
while otsala:
    uyu = otsala.pop(0)
    if uyu.moyo > 0:
        uyu.sewera()
```

Apa chala palibenso. Fisi akapha Msilikali, otsala ndi Sing'anga ndi Njoka, ndipo wakutsogolo ndi Sing'anga. Funso la `moyo` lili pamenepo chifukwa kope ija sidziwa za maliro: Njoka ikaphedwa isanasewere dzina lake limakhalabe mu `otsala`, ndipo ukaiwala kufunsa udzaona mtembo ukudzuka n'kuluma munthu.

Nanga Khwangwala? Mu pulogalamu ili pamwambayi amadikira raundi yotsatira, popeza sanali pamzere pokopera. Limeneli ndi lamulo la gemu, ndipo mwini gemu ayenera kulisankha dala. Mu Pokémon, chilombo cholowa m'malo mwa chimene chakomoka sichimenya mpaka raundi yotsatira. Mu Dungeons & Dragons zolengedwa zina zoitanidwa ndi matsenga zimasewera woziitana akangomaliza, zomwe mu pulogalamu yathu zikutanthauza kuziika kutsogolo kwa `otsala`. Final Fantasy X, ya ku Japan ya 2001, inasiyiratu maraundi: aliyense ali ndi nthawi yake yodikira, wosewera wotsatira amapezedwa pambuyo pa chochitika chilichonse, ndipo mzere wa obwera umaonekera pambali pa sikirini.

Pali kachinthu kamodzi kamene kamatsalirabe ngakhale utakonza zonsezi. Tinene kuti Msilikali wamenya, waphedwa, kenako Sing'anga wamudzutsa mu raundi yomweyo. Pulogalamu ikamutenga ngati watsopano, m'gemu imene atsopano amasewera nthawi yomweyo, amenyanso kachiwiri. Osewera ochenjera sachedwa kutulukira zotere, ndipo amayamba kupereka msilikali wawo kwa fisi mwadala. Mankhwala ake ndi kulemba pa womenya aliyense nambala ya raundi imene anasewera komaliza, n'kuyang'ana nambalayo asanaloledwe kubwerera mu `otsala`.