Kodi mwana wanu wafika masiku angati kusukulu?

M'mawa uliwonse, aphunzitsi a ku Mongue amaitana mayina a ana m'kaundula. Mwana akayankha, amamuchonga. Akapanda kuyankha, amalemba kuti wajomba.

Mwezi ukatha, amawerengetsa. Tinene kuti mwezi uno ana aphunzira masiku 20. Masiku 20 onsewo ndiwo 100 peresenti. Ndiye kuti tsiku limodzi ndi 5 peresenti.

Mtsikana wina wafika masiku 15 okha, chifukwa ankathandiza kukolola chimanga. Tichulukitse 15 ndi 5. Tapeza 75 peresenti.

Tsono tinene kuti sukulu idagwirizana kuti malire akhale 80 peresenti, omwe ndi masiku 16. Mtsikanayu waperewera tsiku limodzi. Aphunzitsi aika chizindikiro pa dzina lake, kenako aitanitsa makolo kuti akambirane mwanayo asanatsalire m'maphunziro.

Koma samalani powerenga masiku. Loweruka, Lamlungu ndi tsiku la tchuthi, monga 25 Juni, sitiwerengera ayi. Mukawawerengera, mwana wosajomba aoneka ngati wojomba. Mwana amene wayamba pakati pa mwezi, timamuwerengera kuchokera tsiku limene adalembetsa.