Rula pambali pa chilonda

Munthu wodwazika m'bale wake wachilonda, amene amamumasula bandeji tsiku ndi tsiku, ndiye amavutika kwambiri kuyankha namwino akafunsa kuti, "Kodi chikuchepa?" Maso amazolowera. Chilonda chimene chikupola bwino chimatha kuchepa ndi theka la milimita patsiku, mwinanso osafika pamenepo, ndipo palibe amene angakumbukire mmene chinalili Lolemba lapitalo mpaka kufika pa milimita. N'chifukwa chake anamwino ambiri amajambula chilonda pa foni ataika rula pambali pake, n'kumayerekeza zithunzizo pakapita masiku.

Rulayo ndiye mwini nkhani. Chithunzi pachokha sichinena kukula kwa chinthu, pakuti foni ikayandikira chilonda chimaoneka chachikulu, ikatalikira chimaoneka chaching'ono. Koma rula ikakhala m'chithunzi momwemo, imakula ndi kuchepa limodzi ndi chilondacho, choncho imatipatsa poyambira masamu.

Tiyerekeze kuti bambo wina wa matenda a shuga ali ndi chilonda kuphazi. Mwana wawo wajambula, ndipo watsegula chithunzicho pa foni. Akutenga rula ina n'kuigoneka pagalasi la foniyo. Masentimita 2 a rula ya m'chithunzi akutenga masentimita 5 pagalasipo, ndipo chilonda, pamene chatambasuka kwambiri mulifupi, chikutenga masentimita 8. Ndiye kuti sentimita imodzi yeniyeni ndi masentimita 2.5 pagalasi, ndipo 8 kugawa ndi 2.5 ndi 3.2. Chilondacho ndi masentimita 3.2 mulifupi. Chofunika n'chakuti asakuze kapena kuchepetsa chithunzicho pakati pa miyeso iwiriyi. Amene ali ndi kompyuta akhoza kugwiritsa ntchito pulogalamu yaulere yotchedwa ImageJ, imene amajambula mzere pa rula, n'kuiuza pa Set Scale kuti mzerewo ndi wautali bwanji. Masamu ake ndi omwewa.

Nanga mulifupi ndi mbali iti? Chilonda sichikhala chozungulira bwinobwino, ndiye achipatala amachiona ngati wotchi: kumutu kwa wodwala ndi pa 12 koloko, kumapazi ndi pa 6 koloko. Mulitali ndi kuchoka pa 12 kufika pa 6, mulifupi ndi kuchoka pa 3 kufika pa 9. Ukayeza chopingasa lero, mawa n'kuyeza chopendekera, manambala ako sangafanizidwe.

Pamene anthu ambiri amaphonya ndi pamalo oika rula. Poopa kukhudza chilonda, amaigwira m'malere, pamwamba pang'ono pa khungu. Mantha ake ndi omveka, koma taonani zotsatira zake. Foni ili masentimita 20 kuchokera pachilonda, rula ili masentimita 2 pamwamba pa khungu, ndiye kuti rulayo ili pa masentimita 18 kuchokera pa kamera. Chifukwa yayandikira, imaoneka yaikulu, ndipo chilonda chikayezedwa nayo chimatuluka chochepa ndi gawo limodzi mwa magawo 10. Chilonda chija cha masentimita 3.2 chiwerengedwa ngati 2.9. Banja lonse lisangalala kuti chachepa ndi mamilimita atatu, chonsecho sichinasinthe n'komwe. Rula iyenera kugona pakhungu labwino, pafupi ndi chilonda koma osachikhudza. Kuchipatala amagwiritsa ntchito marula apepala otaya akagwiritsa kamodzi. Kunyumba, rula yapulasitiki itsukidwe ndi sopo kapena ipukutidwe ndi sipiriti isanafike pakhungu ndiponso ikachoka. Kuimanso patali, monga masentimita 40, kumachepetsa cholakwika chimenechi ndi theka.

Kupendeketsa foni nako kumanamiza. Kamera iyenera kuyang'ana chilonda molunjika kuchokera pamwamba pake. Ikapendekeka ndi madigiri 30, mtunda wa mbali imene yapendekekerayo umafupika ndi pafupifupi 13 peresenti, moti 3.2 amasanduka 2.8. Chithandizo chake n'chapafupi: gonekani rula motsatira mbali imene mukuyeza. Ngati mukufuna mulifupi, rulayo ikhale chopingasa, kuti ikafupika ifupike pamodzi ndi chilonda. Pachidendene kapena pamwendo, pamene thupi lapindika, chithunzi chimachepetsabe chilonda chimene chazungulira kumbali, ndipo palibe njira yothetseratu zimenezi. Chimene mungathe ndi kumugoneka wodwalayo mofanana nthawi zonse, kujambula pamalo owala omwewo, chilonda chitatsukidwa, kuti cholakwikacho chizikhala chimodzimodzi sabata iliyonse.

Poona kuti dzanja likangosuntha pang'ono muyeso umasiyana ndi milimita imodzi kapena awiri, kuyerekeza chithunzi cha lero ndi cha dzulo n'kudzivutitsa. Kusinthako kumabisika m'zolakwika za muyeso. Jambulani pamene mukusintha bandeji, osamasula dala pofuna chithunzi, koma chigamulo chizibwera pa sabata. Lembani deti ndi manambala m'kabuku. Musadabwenso chilonda chikaoneka chokulirapo masiku oyamba, makamaka achipatala akachotsa mnofu wakufa. Pamenepo kukula kwake kwenikweni kwangoonekera, ndipo muyeso woyambira ndi wa tsiku limenelo.

Tibwerere kwa bambo aja. Tsiku loyamba chilonda chinali 3.2 mulifupi ndi 4.0 mulitali. Patatha masabata anayi chili 2.2 ndi 2.8. Woyang'ana mulifupi mokha akhumudwa: mwezi wathunthu, sentimita imodzi basi, osakwana ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Koma chulukitsani mulifupi ndi mulitali. Poyamba zinali 12.8, tsopano ndi 6.2. Malo onse a chilonda achepa ndi theka ndi pang'ono. Kuchulukitsa kotereku kumakuza chilonda kuposa mmene chilili, chifukwa kumachiona ngati chili ndi ngodya zinayi, koma poyerekeza sabata ndi sabata kumathandizabe ngati maonekedwe ake sanasinthe kwambiri.

Theka limenelo lili ndi tanthauzo kwa madokotala. Kafukufuku wa Peter Sheehan ndi anzake, amene anasindikizidwa mu 2003 m'magazini ya Diabetes Care, anapeza kuti zilonda zakuphazi za odwala shuga zimene zachepa ndi pafupifupi theka m'masabata anayi zimakhala ndi mwayi waukulu wopoleratu pofika masabata 12, pamene zimene sizinafike pamenepo zochepa zokha ndi zimene zinapola. Choncho chilonda chimene chaima malo amodzi kwa mwezi si chodikirira. Dokotala amayenera kufufuza chifukwa: kaya magazi sakufika bwino kuphazi, kaya shuga ndi wokwera, kaya wodwala akupondabe pachilondapo, kaya mwalowa tizilombo.

Pali zimene chithunzi sichingaonetse ngakhale chitajambulidwa mwaluso. Sichiyeza kuya. Chilonda chakuya chimayamba kudzaza mnofu watsopano kuchokera pansi, m'mbali mwake musanasunthe kwenikweni, ndiye mulifupi umatha kuoneka woima pamene ntchito ikuyenda. Komanso chilonda chimatha kuchepa pakamwa chikudya pansi pa khungu, monga zimachitira zilonda za odwala ogona nthawi yaitali. Mphako yotere amaipeza ndi namwino ndi kachitsulo kapena kamtengo kathonje kophedwa majeremusi, ndipo si zoyesera kunyumba.

Fungo, kutentha ndi ululu nazo sizilowa m'foni. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka msanga, moti chizindikiro chimakhala khungu lotentha, lotupa, lolimba kapena lakuda kuposa mozungulira. Wodwala shuga mwina samva n'komwe kuwawa chifukwa mitsempha ya kumapazi inachita dzanzi. Mafinya akachuluka, kutupa kukamafalikira, mnofu ukada, kapena thupi likatentha, wodwalayo apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale manambala a m'kabuku akutsika, ndipo atenge kabukuko ndi foni kuti namwino aone zithunzi zonse kuyambira choyamba.